Nkhope si chiphaso: tileke kulemba zaka za munthu pongomuyang'ana

Ngati mudakhalapo pamzere wa odwala m'chipatala cha boma, mudamvapo macheza awa. Wolemba mayina amafunsa kuti, “Amayi, muli ndi zaka zingati?” Mayi aja amaseka pang'ono n'kuyankha kuti, “Aa, inu ndi amene mudaphunzira, ingondionani mulembe.” Wolemba uja amadzutsa mutu, kuyang'ana nkhope kamodzi, n'kulemba 50. Mzere ndi wautali, ndipo palibe amene amaona cholakwika. Kuyambira tsiku limenelo nambala ija imayenda ndi mayiyo m'buku lake la kuchipatala. Aliyense wodzatsegula bukulo amaikhulupirira ngati kuti idachokera pa chikalata cha kubadwa.

Ine ndimaona odwala tsiku ndi tsiku, ndipo nanenso ndidalembapo zaka mwa njira imeneyi. Lero ndikukupemphani, inu owerenga pamodzi ndi anzanga ogwira ntchito za umoyo, kuti chizolowezichi tichileke. Nkhope ya munthu wamkulu imanena zambiri za moyo umene wadutsamo, koma za chaka chimene adabadwa imanena zochepa kwambiri.

Mwana savuta kwenikweni. Thupi lake limakula motsata ndondomeko: mano oyamba amamera ali ndi miyezi pafupifupi 6, amayamba kuguluka ali ndi zaka pafupifupi 6, kenako amatha msinkhu. Mafupa ake ali ndi malo okulira kumapeto kwake, ndipo malowa amatsekeka limodzi ndi limodzi. A padzanja amatsekeka munthu akamayandikira zaka 20. Fupa lopingasa lija lochoka paphewa kufika pachifuwa ndilo limamaliza, nthawi zina munthu atayandikira zaka 30. Zikatere ndondomeko ija yatha. Kuchokera apo thupi silikulanso, limangotha pang'onopang'ono, ndipo kutha kulibe liwiro limodzi. Makasu awiri ogulidwa tsiku limodzi safanana pakatha zaka zitatu ngati lina limalima pa dothi la miyala pamene lina limangopalira dimba. N'chifukwa chake ngakhale ekisire siingakuuzeni ngati munthu ali ndi zaka 45 kapena 55. Nanga maso angathe bwanji?

Tiyambe ndi khungu, poti ndi limene timayang'ana poyamba. Pansi pa khungu pali timinyewa totchedwa kolajeni, timene timaligwira kuti likhale lokungika. Munthu akakula, kolajeni amachepa ndi gawo limodzi pa magawo 100 chaka chilichonse. Kukadakhala kuti ndi zokhazo, bwenzi makwinya akutiuza zaka ndithu. Koma kuwala kwa dzuwa kumaphwanya kolajeni mofulumira kuposa zaka. Mukafuna umboni, yerekezani khungu la pankhope ndi kunja kwa mikono ya agogo anu ndi khungu la m'kati mwa mkono pafupi ndi kukhwapa. Zonsezo zili ndi zaka zofanana, koma lina lakhala likupsa ndi dzuwa pamene lina labisika. Msodzi wa ku Nkhotakota amene wakhala pabwato kuyambira ali mnyamata, ndi mnzake wa kalasi imodzi amene wakhala mu ofesi ku Lilongwe, akakumana pamaliro ali ndi zaka 45 onse, anthu adzapatsa msodzi uja mpando wa akuluakulu.

Fodya naye amachita zake. Utsi wake umachepetsa magazi opita kukhungu ndipo umathandiza kuphwanya kolajeni, kotero wosuta amachita makwinya msanga, makamaka mozungulira pakamwa ndi m'mbali mwa maso. Kwa amayi palinso nthawi ya kusiya kusamba. M'zaka 5 zoyamba mayi atasiya, khungu lake limatha kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kolajeni. Mayi wina amasiya ali ndi zaka 44, wina ali ndi 53. Choncho amayi awiri a zaka 50 akhoza kukhala ndi khungu losiyana kutalitali popanda wodwala pakati pawo.

Khungu lakuda lili ndi mwayi wake. Melanini, chinthu chimene chimalidetsa, amatchinga mbali yaikulu ya kuwala koononga kuja, ndipo makwinya amachedwa kubwera poyerekeza ndi khungu la azungu. Imvi nazo zimachedwa: mwa azungu zimakonda kuyamba munthu ali ndi zaka za m'ma 30, pamene mwa ife anthu akuda zimakonda kuyamba m'ma 40. Koma zimenezi n'zongoyerekeza gulu lonse. M'mabanja ena anyamata amachita imvi asanakwatire, ndipo dazi nalo limayenda m'magazi. Masiku ano mankhwala odetsa tsitsi amapezeka mumsika uliwonse, ndipo amayi ambiri amabwera kuchipatala atamanga duku. Imvi zimene simukuziona simungaziwerenge.

Chimene ndaona kuti chimatinamiza kwambiri kuno kwathu ndi mano ndi kuonda. Dzino likachoka, fupa la nsagwada limene linkaligwira limayamba kusungunuka chifukwa lilibenso ntchito. Munthu akataya mano ambiri, makamaka akutsogolo, milomo imalowa m'kati, masaya amafota, chibwano chimaoneka ngati chikuyandikira mphuno. Imeneyo ndiyo nkhope imene tonse timaitcha ya gogo. Koma kumene mankhwala a dzino lowawa amakhala kulizula, munthu akhoza kukhala ndi nkhope yotere ali ndi zaka 42. Chimodzimodzi kuonda. Mafuta a m'masaya ndi m'mbali mwa mphumi ndi amene amadzaza nkhope. Chifuwa chachikulu, matenda a shuga osasamalidwa, khansa, kachasu kapena njala ya chaka chimodzi zikawatha mafutawo, munthu amaoneka ngati wawonjezera zaka 10 pa miyezi 6. Akachira n'kunenepa, zaka zija zimabwereranso m'mbuyo. Ambiri mukukumbukira ma ARV oyamba aja, amene anali ndi mankhwala otchedwa sitavudini. Mankhwalawa ankatha mafuta a m'masaya mwa anthu ena, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zimene dziko lino lidayamba kuwasiyira kuyambira mu 2011. Alipo anthu amene adamwa mankhwalawa ali ndi zaka za m'ma 30 ndipo masaya awo sadabwerere mpaka lero.

Vuto silili pankhope poyang'anidwa pokha. Lilinso m'maso mwa woyang'anayo. Mu 2018 katswiri wina wa ku Australia, Colin Clifford, ndi anzake adaonetsa anthu zithunzi za pa pasipoti za anthu a zaka kuyambira 7 mpaka 70, n'kuwapempha kuti atchule zaka za aliyense. Zithunzi za pa pasipoti n'zooneka bwino, nkhope yolunjika, yosabisika. Komabe oyankhawo ankaphonya ndi zaka pafupifupi 8. Kuphonyako kunali ndi njira yake: achinyamata ankawawonjezera zaka, okalamba ankawachepetsera, ngati kuti maganizo a munthu amakokera aliyense pakati. Adapezanso kuti nkhope imene wangoiona kumene imakoka yankho lako pa nkhope yotsatira. Ukangoona wokalamba, wotsatirayo umamukalambitsako. Taganizani tsono za wolemba mayina amene waona nkhope 150 kuyambira m'mawa, m'chipinda cha zenera limodzi. Kenako timathamangira manambala osavuta. Aliyense amene adawerengapo kaundula wa odwala akudziwa kuti zaka 40, 50 ndi 60 zimachuluka modabwitsa, pamene 49 ndi 61 n'zosowa, ngati kuti anthu sabadwa m'zaka zina. Akatswiri a kalembera wa anthu amalidziwa vutoli m'mayiko ambiri.

Mwina mukufunsa kuti zaka 10 kapena 15 zolakwika m'buku zingapweteke ndani. Ndikuuzeni za mayi wina amene ndidamuona mu 2025. Adabwera ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo adali atangopezeka ndi HIV. M'buku lake mudalembedwa zaka 50. Adali mayi wa mano onse, wa khungu losalala, woyenda chilili, atamanga duku. Sindidakayike. Chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kuja tidamuyeza impso, ndipo kiriyatinini, zinyalala za m'magazi zimene impso zimayenera kuchotsa, adatuluka 1.0. Pasikelo adalemera makilogalamu 52.

Nambala ya kiriyatinini payokha siinena mphamvu ya impso. Timaiphatikiza ndi zaka komanso kulemera kwa munthu, chifukwa impso zimafooka ndi zaka, ndipo wokalamba ali ndi minofu yochepa yopanga kiriyatinini. Imodzi mwa njira zowerengera zimene timagwiritsa ntchito, ya Cockcroft ndi Gault, ndi iyi:

```
CrCl = (140 - zaka) x kg / (72 x kiriyatinini mg/dL)
kwa mayi: x 0.85
```

Ndi zaka 50, timachotsa 50 pa 140 n'kutsala 90. Tikachulukitsa ndi 52, kugawa ndi 72, kenako kuchulukitsa ndi 0.85, timapeza 55. Nambala imeneyi inali yofunika chifukwa ma ARV amene anthu ambiri akumwa lero ali ndi tenofoviya, mankhwala amene amatuluka kudzera mu impso ndipo amatha kuzivulaza zikakhala zofooka kale. Malire amene timayang'ana ndi 50. Pa 55 mayiyu anali pamwamba pa malirewo, ngakhale pang'ono.

Chidandiimitsa ndi munthu amene adamuperekeza. Adali bambo wa imvi m'ndevu, ndipo ine ndinkayesa ndi mchimwene wake. Nditamufunsa kuti, “Achimwene, amenewa ndi alongo anu?” adaseka n'kunena kuti, “Ayi adokotala, ndi mayi anga ondibereka. Ine ndine woyamba.” Ndidamupempha chiphaso chake cha unzika. Adabadwa mu 1979, ndipo adati chakacho chidalembedwanso m'kaundula wa ubatizo kumpingo kwawo. Mayi wa zaka 50 mu 2025 ndiye kuti adabadwa mu 1975. Sakadabereka mwana ali ndi zaka 4.

Ndidatembenukira kwa mayi uja. “Amayi, ndalama ya kwacha itayamba, pamene tinkasiya mapaundi ndi mashereni, inu mudali wamkulu bwanji?” Adati akukumbukira bwino, chifukwa ankatumidwa kukagula mchere ndipo ndalama zatsopanozo zinkamusokoneza, koma adali asanathe msinkhu. Kwacha idayamba mu 1971. Mtsikana wotumidwa kusitolo yekha koma wosatha msinkhu ndi wa zaka pakati pa 9 ndi 12. Ndidafunsanso ngati mwana woyambayo adabadwa patapita nthawi yaitali chithereni msinkhu, ndipo adati padapita zaka zingapo. Zonsezi zidaloza ku 1960 kapena chaka chimodzi mbali iliyonse. Mayiyu adali ndi zaka pafupifupi 65.

Tibwereze masamu aja. Kuchotsa 65 pa 140 kumatsala 75. Kuchulukitsa ndi 52, kugawa ndi 72, kuchulukitsa ndi 0.85, yankho ndi 46. Magazi omwewo, sikelo yomweyo, mayi yemweyo, koma tsopano ali pansi pa malire. Masamuwa nawonso ndi ongoyerekeza, ndipo sitisintha mankhwala a munthu chifukwa cha nambala imodzi. Tidayezanso magazi, zotsatira zidafanana, ndipo anzanga a ku chipinda cha ma ARV adamusankhira mankhwala ena osalemetsa impso. Mayiyu akadabwera yekha tsiku limenelo, ndikadamulembera mankhwala motsata nkhope yake. Ndikuchenjezeni pomwepa: ngati mukumwa tenofoviya musasiye chifukwa cha nkhani ino. Anthu ochuluka zedi amamwa mankhwalawa popanda vuto. Chimene mungachite ndi kuona ngati zaka zolembedwa m'buku lanu zili zoona.

Kulakwa kumapitanso mbali inayo, ndipo kumeneko kumandiopsa kwambiri. Mayi wa zaka 43 amene wabereka ana 8, wolima, woonda, wotaya mano akutsogolo, amalembedwa 60. Akabwera ndi m'mimba mowawa ndipo wasiya kusamba miyezi iwiri, palibe amene amaganiza zomuyeza ngati ali woyembekezera. Akhoza kupatsidwa mankhwala osayenera kwa mayi wapakati, kapena mimba yokhala m'njira ya mazira ikhoza kuphonyedwa mpaka itaphulika. Ntchito yoyeza khansa ya khomo la chiberekero m'dziko muno imalunjika kwambiri kwa amayi a zaka 25 mpaka 49. Mayi uja akalembedwa 60, namwino wotanganidwa sangamuitanire kuchipinda choyezera, chonsecho Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi ikupha amayi ambiri pa dziko lonse.

Ena mwa anzanga adzati, “Koma diso la dokotala wozolowera siliphonya.” Pali choona pang'ono pamenepo, koma si chimene iwo akuganiza. Mu 2009 Kaare Christensen ndi anzake ku Denmark adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa mapasa 1,826 a zaka 70 kupita m'tsogolo. Adajambula nkhope zawo, anthu ena n'kutchula zaka zimene ankaoneka nazo, kenako adawatsatira kwa zaka zingapo. Mwa mapasa awiri, amene ankaoneka wamkulu ndiye ankakonda kutsogola kumwalira, makamaka kusiyana kwa maonekedwe kukakhala kwakukulu. Mapasa amabadwa tsiku limodzi. Choncho chimene diso linkaona sichinali zaka, koma thanzi. Ndikaona bambo wa zaka 40 wooneka ngati wa 60, diso langa landiuza chinthu chofunika: ndifufuze chifuwa chachikulu, shuga, mowa, njala. Koma ndikalemba 60 m'buku, ndafafaniza chizindikiro chomwecho, chifukwa wobwera pambuyo panga adzaona bambo wa zaka 60 wooneka ngati wa 60, n'kuganiza kuti zonse zili bwino.

Nanga tichite chiyani ndi munthu amene sadziwa chaka chake chobadwa? Alipo ambiri, ndipo si mlandu wawo. Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense wobadwa lidayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo ziphaso za unzika zidafika kwa anthu ambiri pa kalembera wa 2017. Chiphasocho ndi poyambira pabwino, choncho muzibwera nacho kuchipatala. Koma pa kalembera uja achikulire ambiri adatchula chaka chongoganizira, ndipo ena adachita kuwaganizira ndi wolembayo, poyang'ana nkhope yomweyo. Nambala yongopeka siisanduka yoona chifukwa yasindikizidwa pa pulasitiki.

Njira yodalirika ndi imene idatithandiza kwa mayi uja: kufunsa. Munthu amaiwala chaka, koma saiwala kumene adali ndi msinkhu umene adali nawo pamene zinthu zazikulu zinkachitika. Kwa okalamba kwambiri pali njala ya 1949, kubwera kwa Kamuzu mu 1958 ndi ufulu wa 1964. Kwa apakatikati pali kwacha ya 1971, kubwera kwa Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1989, napolo wa ku Phalombe mu 1991, chisankho cha riferendamu cha 1993 ndi njala ya 2002. Funso labwino si lakuti “Mukukumbukira?” chifukwa munthu amakumbukiranso zimene adangomva kwa makolo. Funsani kuti, “Mudali mutatha msinkhu? Mudali pabanja? Mudali ndi ana angati, ndipo wa kubere adali ndani?” Kenako yerekezani ndi zaka za mwana woyamba, amene kawirikawiri amakhala ndi pepala la kusukulu kapena la ubatizo. Kwa mayi, muwonjezere zaka zimene adali nazo pobereka mwanayo, zimene kwa ambiri a kumudzi zimakhala pakati pa 16 ndi 22. Mayankho awiri kapena atatu akagwirizana, mumafika pafupi ndi zaka zenizeni, mwina kuphonya ndi ziwiri kapena zitatu. Zonsezi zimatenga mphindi zitatu. Kwa abambo njira ya mwana woyamba siithandiza kwambiri, chifukwa mwamuna akhoza kubereka koyamba ali ndi zaka 20 kapena 35. Kwa iwo funsani za chaka chimene adayamba kukhoma msonkho, kupita ku Joni kapena ku Halale, kapena anzawo amene adavinidwa nawo limodzi.

Kwa anzanga a m'zipatala pempho langa ndi laling'ono. Ngati nthawi yakuchepera ndipo wangoyerekeza, lemba kuti wayerekeza. Mawu amodzi akuti “pafupifupi” patsogolo pa nambala, kapena kulemba 55 mpaka 65 m'malo mwa 60, amauza wobwera pambuyo pako kuti afunsenso asanawerengere mankhwala. Ndipo inu amene mumaperekeza makolo anu kuchipatala, tsegulani buku lawo lero muone zaka zimene zidalembedwamo. Chotsanipo zaka za mwana wawo woyamba. Ngati yankho likusonyeza kuti amayi anu adabereka ali ndi zaka 8, kapena ali ndi 40 pamene mukudziwa kuti adakwatiwa ali mtsikana, kauzeni dokotala pa ulendo wotsatira kuti akonze.